Fomu inali yodzaza bwino, koma njira anasankha ndani?

Ndine nasi pa kiliniki ina kunja kwa tauni ya Chipata. Pamwamba pa ntchito ya kusikelo ndi yopereka mankhwala otalikitsa moyo, ndinapatsidwanso udindo woyang'anira mavolontiya amene amakhala pansi ndi anthu ovutika maganizo n'kumawathandiza kupeza njira yothetsera mavuto awo. Tinalandira buku lophunzitsira mavolontiyawo. Kumayambiriro kwake kuli masitepe a uphungu wake, ndipo kumapeto kuli masamba ochepa onena za kuyang'anira ntchito pamodzi ndi fomu yoonera ngati mthandizi akutsatadi njira imene anaphunzira. Masamba akumapetowo anthu ambiri amawadumpha poganiza kuti ndi za malipoti a ku ofesi. Ndikulembera inu anzanga a ku Katete, Chadiza, Petauke kapena Lundazi amene mwapatsidwa buku lotere, chifukwa zimene ndaona n'zakuti maphunziro a m'kalasi amazilala msanga, ndipo chimene chimasunga ntchitoyi ndi masamba omwe amadumphidwawo.

Njira yogwiritsa ntchito anthu wamba pa uphungu woterewu inatchuka chifukwa cha ntchito ya Friendship Bench ku Zimbabwe. Anaiyambitsa ndi dokotala wa matenda a maganizo, a Dixon Chibanda, ku Mbare mumzinda wa Harare cha m'ma 2006. Agogo aakazi ogwira ntchito zaumoyo m'madera ankakhala pa benchi kunja kwa kiliniki n'kumacheza ndi munthu mpaka kasanu ndi kamodzi. Kafukufuku wa anthu 573 m'makiliniki 24 a ku Harare, amene anasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya madokotala yotchedwa JAMA, anaonetsa kuti patapita miyezi isanu ndi umodzi amene anakhala pa benchi anali bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Nkhaniyi anthu amaikonda, ndipo amakumbukira agogo ndi benchi. Amaiwala kuti agogowo anali ndi owayang'anira, ndiponso panali akatswiri oti n'kuwatumizira munthu zinthu zikavuta. Benchi lokha silinachize munthu.

Buku lathu limayamba ndi funso lakuti ndani alowe mu uphunguwu. Timagwiritsa ntchito mafunso asanu ndi anayi otchedwa PHQ-9, ofunsa za masabata awiri apitawo: kusowa chidwi ndi zinthu, kukhumudwa, tulo, kutopa, kadyedwe, kudziona wolephera ndi zina. Yankho lililonse limapatsidwa 0, 1, 2 kapena 3, ndiye zonse pamodzi sizingapitirire 27. Wopeza 10 kapena kupitirira apo timamuitana kuti aonane ndi mthandizi. Wopeza 20 kupita m'mwamba, wosokonezeka mutu mpaka kumva mawu a anthu osaoneka, kapena womwa mowa moti m'mawa amanjenjemera, ameneyo amayamba waonana ndi ife a kuchipatala.

Masitepe a uphunguwu si ovuta kuloweza. Munthu afotokoze zonse zimene zikumulemera, ndipo mthandizi azilembe. Asankhe vuto limodzi limene angathe kuchitapo kanthu. Alifotokoze momveka mpaka likwane m'chiganizo chimodzi, anenenso chimene akufuna kuti chisinthe. Atchule njira zonse zimene zamufikira m'mutu popanda kuziweruza. Kenako aone ubwino ndi kuipa kwa iliyonse, asankhe imodzi kapena ziwiri, apange pulani yonena chochita, tsiku lake, malo ake ndi womuthandiza. Sabata yotsatira abwere adzaone pamodzi ndi mthandizi kuti zinayenda bwanji. Mavolontiya athu onse anatha kunena masitepewa pamtima tsiku lomaliza maphunziro, ena mpaka anawaika m'nyimbo.

Vuto lili pa anthu amene timawasankha. Posankha mavolontiya, komiti ya zaumoyo ya m'dera imaloza anthu olemekezeka: alangizi a pachinamwali, amayi a chigwirizano, ankhoswe odziwa kumanga mabanja, madoda oweruza milandu pabwalo la amfumu. Ndi anthu abwino, odziwa kusunga chinsinsi, ndipo munthu akakhala nawo pansi mtima umatsika. Koma luso limene anatchuka nalo ndi lolangiza. Zaka makumi angapo akhala akuuza anthu chochita, anthuwo n'kumawathokoza. Tsopano buku likuti asauze munthu chochita koma amufunse mafunso mpaka njirayo ituluke m'kamwa mwa mwini vuto. Chifukwa chake n'chomveka: munthu wovutika maganizo amakhala atasiya kukhulupirira kuti angathe kusuntha kanthu payekha, ndiye chimene chimamudzutsa ndi kuona kuti waganiza yekha, wayesa, ndipo china chake chasuntha. Akauzidwa chochita, ngakhale malangizowo akhale anzeru, mawa likabwera vuto lina adzabweranso kudzafunsa. M'kalasi onse anavomera zimenezi. Atakhala pa mpando ndi munthu akulira patsogolo pawo, lilime linabwerera kumene linazolowera.

Ndifotokoze nkhani imodzi mwatsatanetsatane. Zina ndazisintha kuti munthuyo asadziwike.

Mayi wina wazaka za m'ma 30, wogulitsa tomato pa msika wa Kapata, anapeza 15 pa mafunso aja. Ankati sagona, mutu umangozungulira ndi maganizo, ndipo masiku ena amaiwala kumwa mankhwala ake. Tinamupereka kwa mmodzi wa mavolontiya athu odalirika, mayi wachikulire amene ndi mlangizi wodziwika kwawo. Atacheza ulendo woyamba, fomu ya kucheza kwawo inabwera yodzaza bwinobwino. Pa mzere wa vuto analemba kuti "umphawi". Pa mzere wa njira yosankhidwa analemba kuti "kulowa vileji banki ndi kupemphera". Mabokosi onse anali ochongedwa. Woona mapepala okha akanati ntchito yagwirika.

Buku limanena kuti mthandizi aliyense azijambula mawu a kucheza kwina pa foni, mwini wake atavomera, kuti woyang'anira amvetsere. Kucheza kumeneku kunali kojambulidwa, ndipo ndinakumvetsera madzulo ndili ndi fomu yoyang'anira m'manja. Chiyambi chinali chokoma kwambiri. Moni, kufotokoza za chinsinsi, kudekha kwa mawu, zonse zinali m'malo mwake, moti mayi uja anamasuka n'kuyamba kukhuthula. Anatchula ngongole ya kaloba, mwamuna amene amachoka masiku angapo osasiya ya ndiwo, apongozi odwala amene akuwasamalira, lendi, ndi mwana amene wayamba kujomba kusukulu. Asanamalize n'komwe za mwanayo, mthandizi analowerera: "Mwana wanga, zonsezi gwero lake ndi umphawi. Ine ndikuuze, ulowe vileji banki ya kumpingo kwathu. Ndipo usamagone osapemphera. Mwamunayo uzimulandira bwino akabwera, amuna ndi ana." Kuchokera pamenepo mpaka kumapeto amene ankayankhula ndi mthandizi. Mayi uja ankangoti, "Inde amayi. Zikomo amayi. Ndamva amayi."

Mukamva "inde amayi" wotsatizana chonchi, dziwani kuti uphungu wathera pomwepo. Kwathu kuno wamng'ono satsutsa wamkulu pamaso. Amavomera, n'kupita, osachita, ndipo sabata yotsatira sabwera chifukwa cha manyazi oti sanachite zimene anauzidwa.

Fomu yathu yoyang'anira ili ndi mizere khumi, ndipo mzere uliwonse umapatsidwa 0 ngati chinthucho sichinachitike, 1 ngati chinachitika mwa theka, 2 ngati chinachitika bwino. Mthandizi uyu anapeza 2 pa kulandira munthu, 2 pa kufotokoza za chinsinsi, 2 pa kumvetsera koyambirira. Pa mzere wofunsa ngati mwini vuto anasankha yekha vuto loyamba nalo, 0. Pa kufotokoza vutolo momveka, 0, chifukwa "umphawi" si vuto loti munthu angalipangire pulani ya sabata imodzi. Pa kutchula njira zosiyanasiyana, 0, poti panatuluka njira imodzi yokha ndipo inachokera kwa mthandizi. Pa pulani, 1: chochita chinalipo koma panalibe tsiku, ndipo palibe anafunsa kuti ndalama yoyamba kuponya ku vileji banki ichokera kuti kwa munthu amene ali kale m'ngongole. Ubwino wa fomu yotere ndi wakuti imasiyanitsa zinthu ziwiri zimene makutu amazisakaniza. Kucheza kuja kunali kwachikondi, ndipo munthu womvetsera popanda fomu akanati kunali kwabwino. Fomu ndi imene inaonetsa kuti chikondicho chinalipo koma njira ya uphunguwo inasowa.

Ine ndimawonjezera kanthu kamodzi kamene m'buku mulibe. M'mphepete mwa fomu ndimalemba kamzere nthawi iliyonse imene mthandizi wanena kuti "muyenera", "muzichita" kapena "ine ndikuuzeni". Timizereto tikachuluka kuposa mafunso amene wafunsa, sindifunikanso umboni wina.

Tsopano kubweza zimenezi kwa mayi wamkulu kuposa iwe, amene sakulandira malipiro oti n'kunyadira, ndi nkhani ina. Mukawaitanira mu ofesi n'kuwawerengera maziro awo, mawa sabweranso, ndipo anzawo amva kuti asisita amanyoza. Buku limati kuyang'anira kuzichitika pagulu kamodzi pa sabata, ndiponso limapereka ndondomeko imene ine ndaona kuti ili ndi nzeru. Choyamba timafunsa ngati pali munthu aliyense amene ali pangozi, ndipo nkhani imeneyo imakambidwa isanafike ina iliyonse. Kenako timaona manambala a PHQ-9 a anthu onse amene tikuwathandiza, kuti tidziwe amene sakusintha ndi amene asiya kubwera. Chachitatu timatenga kucheza kumodzi n'kukuunika. Pomaliza timafunsana kuti ife eni tili bwanji, poti mavolontiyawa amamva zolemera ndipo ambiri ali ndi ngongole zawozawo.

Tisanakumane pagulu ndinawapempha kaye mayi aja paokha ngati angalole kuti timvetsere kachigawo ka mawu awo, dzina la wothandizidwa litabisidwa. Analola. Pa gulupo ndinayamba ndi kachigawo koyambirira kaja, n'kufunsa anzawo kuti chimene chamasula mayi wa tomatoyu kuyankhula n'chiyani. Anatchula okha zabwino zonse, ndipo zinali zoona. Kenako tinamvetsera mphindi ziwiri za malangizo aja, aliyense ali ndi fomu yakeyake, nayenso mwini mawu ali ndi yake. Ndinawapempha kuti ayambe ndi iwo kunena zimene adzipatsa. Anaseka n'kunena kuti, "Asisita, apa ndalalikira. Koma nanga munthu akulira, ine njira ndikuiona, ndingokhala chete?"

Funso limenelo ndi lenileni, ndipo siliyankhika ndi mawu. Tinachita sewero. Iwo anakhala mayi wa tomato, ine ndinakhala mthandizi, ndipo ndinawalangiza mwachikondi chonse kuti alowe vileji banki. Nditawafunsa kuti amva bwanji, anati, "Ndimafuna kukuuzani kuti ndilibe yoponya, koma munali mutatsimikiza kale." Tinasinthana mipando, iwo n'kuyesa kufunsa m'malo molangiza. Koyamba analangizabe. Tinaimitsa, n'kubwerera pa chiganizo chomwecho, mpaka anapeza mafunso awoawo owakhala bwino m'kamwa: "Pa zonsezi, chimene chimakulanda tulo kwambiri n'chiti?" ndi "Nanga china chimene munthu angachite n'chiyani, ngakhale chooneka chopusa?" Pa nkhani yosankha vuto limodzi, iwo ndi amene anakumbutsa gulu kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo kuyambira tsiku limenelo mavolontiya onse amafotokozera anthu sitepeyo ndi mwambi umenewu.

Mayi wa tomato sanabwere pa tsiku lake, monga tinkaopera. Mthandizi anamutsatira kumsika, n'kumuuza kuti palibe mlandu, abwere adzayambirenso. Anabwera, ndipo kucheza kwachiwiriku kunajambulidwanso.

Atafunsidwa chimene chimamulanda tulo, sanatchule mwamuna kapena umphawi. Anati kaloba. Mthandizi anafunsa mafunso ang'onoang'ono mpaka nkhani inaoneka poyera. Anabwereka K800 apongozi atagonekedwa m'chipatala. Chiwongoladzanja ndi theka la ndalamayo mwezi uliwonse, ndiye kuti K400. Kwa miyezi itatu wakhala akupereka K400 imeneyo, zonse pamodzi K1,200, koma K800 ija ikadali chilili. Tsiku labwino tomato amamupatsa phindu la pafupifupi K50. Mwezi ukamatha mwini ndalama amabwera pa tebulo lake pamsika n'kumayankhula mokweza anthu akumva. Vuto linalembedwa motere, m'mawu ake: "Mwezi uliwonse ndimapereka K400 koma ngongole ya K800 siikutsika." Chimene ankafuna: "Ngongoleyi ikhale ndi tsiku lothera." Taonani kusiyana kwake ndi "umphawi". Chiganizo ichi chili ndi pogwira.

Pa kutchula njira, mthandizi anaugwira mtima. Mumamva m'mawuwo kuti pena akufuna kulowerera, kenako n'kungoti, "China?" Mayiyo anatchula kubwereka kwa wa kaloba wina kuti atseke uyu, kuthawira kumudzi ku Chadiza, kugulitsa foni, kugulitsa mbuzi yake imene ili kwa amayi ake, kupempha mlongo wake, kuchapa zovala m'nyumba za anthu Lamlungu masana, ndi kukakambirana ndi mwini ndalama pamaso pa mboni kuti chiwongoladzanja chiime. Zonse zinalembedwa, ndi kuthawa komwe. Buku limalola mthandizi kuwonjezera njira imodzi kumapeto, mwini wake akatha zake, ndipo aipereke ngati imodzi mwa zambiri. Apa m'pamene vileji banki inalowa, pa mzere wachisanu ndi chitatu.

Poyeza njirazo, mayiyo anazigwetsa yekha. Wa kaloba wina ndi dzenje lomwelo. Kuthawa, nanga apongozi ndi sukulu ya mwana? Foni ndi imene amaitanitsira tomato kwa alimi. Vileji banki anati ndi yabwino koma ikufuna munthu woti ali ndi yoponya sabata iliyonse, ndiye idikire ngongole ithe. Anasankha kukambirana ndi mwini ndalama. Pulani inali yakuti Lachinayi m'mawa, msika usanadzaze, apemphe amayi apampando a gawo la tomato kuti akhale mboni, ndipo Loweruka apite nawo kwa mwini ndalama kukapempha kuti chiwongoladzanja chiime, ngongole yonse ikhale K1,200, azipereka K150 Loweruka lililonse kwa masabata asanu ndi atatu. Anayesezanso pomwepo mawu oti akanene, mthandizi atakhala ngati mwini ndalama wokalipa.

Sabata yotsatira anabwera asanachite kalikonse. Apa m'pamene athandizi ambiri amagwa kachiwiri: ena amakalipa, ena amati "palibe kanthu" n'kulumphira ku vuto lina. Mzere wa fomu wa sitepe iyi umafunsa ngati mthandizi anafufuza chimene chinatchinga. Mthandizi wathu uja anafunsa kuti, "Lachinayi m'mawa utafika pamsika, chinachitika n'chiyani?" Zinapezeka kuti apampandowo ndi anzake apamtima a mkazi wa mwini ndalama, ndipo mayiyo anaopa kuti nkhani yake imveka msika wonse. Njira inali yabwino, mboni ndiyo inali yolakwika. Anasankha mkulu wa mpingo wakwawo m'malo mwake. Atapita, mwini ndalama anakana K150 koma anavomera K200 Loweruka lililonse kwa masabata asanu ndi awiri, zonse pamodzi K1,400, ndipo zinalembedwa papepala mboni itasainira. Ndi ndalama yoposa imene mayiyo ankafuna, ndipo K200 pa sabata inamufinya moti anabwerera ku mndandanda wake uja n'kugulitsa mbuzi. Koma ngongole inakhala ndi tsiku lothera. Pomaliza maulendo ake nambala yake inali itatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8, ankagona, ndipo mankhwala anali atayambanso kumwa mwandondomeko. Mwamuna uja sanasinthe, ndipo uphunguwu sulonjeza kusintha munthu amene sali m'chipindamo.

Pali mzere umodzi pa fomu umene suyendera 0, 1, 2 monga inzake. Ukaphonyedwa, kucheza konse kumatengedwa kuti sikunakwane ngakhale mizere ina yonse ikhale ndi 2. Ndi wofunsa za maganizo ofuna kudzipha. Funso lachisanu ndi chinayi la PHQ-9 limafunsa zimenezi, ndipo buku limati aliyense amene sanayankhe 0 pamenepo afunsidwe mwachindunji, komanso funsoli lizibwerezedwa ulendo uliwonse. Mavolontiya amaliopa. Ena amati kulitchula n'kuitana tsoka, ena amati n'kumupatsa munthu nzeru. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Koma mantha amachititsa kuti funsolo lipotozedwe. Pomvetsera mudzamva wina akuti, "Simukuganiza zoipa, eti?" Limenelo si funso, ndi kupempha munthu kuti ayankhe kuti ayi. Timayeseza m'sewero mpaka mthandizi athe kunena modekha kuti, "Anthu ena zikawathina chonchi amaganiza zodzipha. Kodi inu maganizo amenewo amakubwererani?" Akavomera, amafunsidwa ngati waganiza njira yake, ngati chinthucho chili pafupi, ndiponso ngati anayesapo kale. Kuno kwathu chimene timafunsa kwambiri ndi mankhwala opopera thonje ndi ndiwo zamasamba, chifukwa amapezeka m'nyumba zambiri. Munthu woti ali ndi njira m'maganizo sasiyidwa yekha. Mthandizi amandiimbira foni nthawi yomweyo kapena kubwera naye, timapeza wachibale amene munthuyo amamukhulupirira kuti achotse mankhwalawo m'nyumba, ndipo zikafunika timamutumiza ku chipatala chachikulu cha Chipata tsiku lomwelo. N'chifukwa chake pofotokoza za chinsinsi pa ulendo woyamba, mthandizi ayenera kunena kuti chinsinsicho chili ndi malire moyo wa munthu ukakhala pangozi. Zilinso chimodzimodzi mayi akaulula kuti akumenyedwa kapena mwana akuchitidwa nkhanza: imeneyo si nkhani yoti "kaganizireni njira", pali a polisi a nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza ndi ife a kuchipatala.

Simungathe kumvetsera kucheza kulikonse, ndipo buku silikupemphani kutero. Kwa mthandizi watsopano timamvetsera pafupipafupi, ndipo sayamba kuona anthu payekha asanadutse sewero loyesedwa ndi fomu yomweyi. Akakhazikika timatengako kamodzikamodzi, koma woyang'anira ndiye asankhe kucheza koti amvetsere. Mukamusiyira mthandizi, adzakubweretserani kumene kunayenda bwino, ndipo palibe angamunene. Anthu ena amakana kujambulidwa, ndipo ndi ufulu wawo. Pamenepo ndimapempha kukhala nawo pakona mwakachetechete, kapena mthandizi amadzachita sewero la kuchezako pa gulu. Mawu ojambulidwa timawafufuta tikangomaliza kuwaunika, sitiwatumizirana pa WhatsApp, ndipo foni yojambulira ndi ya pakiliniki, poti ya kunyumba ana amaseweretsa.

Pakati pa kumvetserako, mapepala nawo amaulula ngati mukudziwa poyang'ana. Vuto likalembedwa ndi liwu limodzi ngati "banja", "matenda" kapena "umphawi", sitepe yolifotokoza inadumphidwa. Anthu onse a mthandizi mmodzi akamasankha njira yofanana, kaya ndi kuyamba bizinesi ya mandasi kaya kupita kwa abusa, dziwani kuti wosankha ndi mthandiziyo. Pulani yopanda tsiku ndi chikhumbo chabe. Anthu ambiri akamasowa pambuyo pa ulendo woyamba kwa mthandizi mmodzi, pitani mukamvetsere ulendo wake woyamba. Ndipo munthu akafika ulendo wachinayi nambala yake isanatsike, kapena ikukwera, nkhani yake ibwere kwa ife kuti tione ngati pali matenda ena, mowa, nkhanza zobisika, kapena ngati akufunika mankhwala.

Nayenso woyang'anira amapatuka. Ukazolowerana ndi mavolontiya ako umayamba kupereka 2 pamene pakuyenera 1, makamaka kwa amene umawakonda kapena kuwaopa. Buku limati nthawi ndi nthawi oyang'anira awiri amvetsere kucheza kumodzi aliyense payekha, kenako afananize. Ine ndimachita zimenezi ndi mnzanga wa pa kiliniki yoyandikana nafe. Mzere umene timasiyana kawirikawiri ndi wa kutchula njira: mthandizi akanena kuti "nanga mlongo wanu sangathandize?", kodi wafunsa kapena walangiza mobisa? Tinagwirizana kuti zikanenedwa mwini vuto asanatchule njira zake, timapereka 1, ndipo zikanenedwa kumapeto atatha zake, timapereka 2. Tinalemba chigamulochi kuseri kwa fomu kuti wodzabwera pambuyo pathu adzayeze mofanana.

Chimene chimagwetsa dongosolo lonseli kawirikawiri ndi nthawi ndi mayendedwe. Mvula ikayamba mavolontiya ali kumunda, ena amachokera kutali pa njinga, ndipo tsiku la msonkhano likagundana ndi la katemera, msonkhano ndi umene umafa. Ife tinauika masana a tsiku limene mavolontiya amabwera kale kudzapereka malipoti ena, ndipo m'miyezi yolima timaufupikitsa koma osauchotsa: za anthu amene ali pangozi ndi manambala a amene sakusintha zimakambidwa ndithu, sewero ndilo limadikira sabata yotsatira. Amene walephera kubwera ndimamuimbira foni madzulo ake n'kudutsa naye mayina a anthu ake mmodzimmodzi. Ngati mukulemba bajeti ya ntchito yotereyi, ikanimo ndalama ya thiransipoti ya misonkhano imeneyi ndi mayunitsi a foni ya woyang'anira kwa chaka chonse, musanawerengere za chakudya cha pa maphunziro.